Malipiro anga oyamba, 1973: envulopu inandiulula

KalalikiWakale

Moni nonse a pagulu. Mdzukulu wanga walandira malipiro ake oyamba sabata yathayi. Sanabwere nawo kuno, wangonditumizira chithunzi cha uthenga wa ku banki pa foni, kenako K20,000 ya sopo. Sindikudandaula, mwanayo ndi waulemu. Koma zandikumbutsa tsiku langa, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale, ndifunsenso ngati mwambo wokaonetsa makolo malipiro oyamba osathyola ukadalipo kuno ku Chigwa.

Ndinayamba ukalaliki pa ofesi ina pa boma la Nsanje Lolemba pa 10 Sepitembala 1973, ndili ndi JC yanga. Kalata yondilemba ntchito inati K27 pamwezi. Tsiku lomwelo ndinalembera kalata kwathu, kufupi ndi Makhanga, kuwauza bambo kuti mwana wanu tsopano ndi wa K27. Ndinalembanso kuti amayi asankhiretu nsalu. Unyamata.

Masabata atatu amenewo ndinkadya ngongole yokhayokha. Telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye anandisokera mathalauza awiri ndi shati yoyera, K6.50, kulipira mwezi ukatha. Amayi ena a kumsika ankandiphikira nsima masana ndi madzulo, tinagwirizana K4. Kachipinda ka udzu kuseli kwa nyumba ya munthu, K1.50. Zonse pamodzi K12. Pa K27 ndinkaona kuti nditsala ndi K15, ndine bwana.

Tsiku lolandira linali Lachisanu pa 28. Dzuwa la kumapeto kwa Sepitembala ku Nsanje mukulidziwa, shati yoyera ija inali itamata kale pamsana isanakwane 10 koloko. Anatulutsa tebulo pakhonde, bokosi lachitsulo pamwamba, wapolisi ataima pambali. Bwana wolipira amaitana dzina, iwe nkusayina pa pepala lalikulu la mayina, osadziwa kulemba nkudinda chala. Dzina langa linabwera kumapeto penipeni, lolembedwa ndi bolopeni pansi pa otayipidwa. Ndinasayina osayang'ana nambala, chifukwa dzanja linkanjenjemera ndipo ndimafuna siginecha ituluke bwino, ndinali nditaiyeserera milungu iwiri. Ndinapita kuseli kwa ofesi pansi pa mtengo wa nimu nkutsegula envulopu ya malipiro. K10 imodzi, ma K2 anayi, 50 tambala yapepala, ndi makobidi awiri a 20 tambala. K18.90. Ndinawerenga katatu.

Ndipumire kaye, zala zatopa. Foni yake ndi yaing'ono.

Makakana77

Akuberani agogo!! K8.10 yonse inalowa m'thumba mwa wolipirayo. Zinayamba kalekale eti izi kkkk

NyaTengani

Inu a Makakana dikirani amalize. Munthu wayamba pa 10, mumafuna alandire za mwezi wathunthu?

KalalikiWakale

A NyaTengani mwaigwira. Palibe amene anandibera. Inenso tsikulo ndinaganiza ngati a Makakana77, mpaka ndinabwerera patebulo misozi ili pafupi. Bwana wolipirayo sanakwiye. Anatembenuza envulopu, natenga pensulo. Sepitembala ali ndi masiku 30. K27 kugawa kwa 30 ndi 90 tambala patsiku. Kuyambira pa 10 mpaka pa 30, kuwerengera ndi la 10 lomwelo, ndi masiku 21. Masiku 21 kuchulukitsa 90 tambala, K18.90. Analemba nambalayo kawiri pa envulopu, nkuidula mzere kunsi. Anawonjezera kuti ndithokoze kuti dzina lalowa, chifukwa pepala la malipiro limatsekedwa pakati pa mwezi, ndipo obwera mochedwa ambiri amadikira mpaka mwezi wotsatira. Kenako anati, "Mnyamata, kalaliki sasayina chimene sanawerenge." Anatero anthu onse akumva.

Ankolo_a_Nchalo

Komabe bambo masamu amenewo ine sindikugwirizana nawo. Ife kumunda wa mzimbe timadziwa kuti mwezi wa ntchito ndi masiku 26. Akanagawa ndi 26 tsiku lanu likanakhala loposa K1, osati 90 tambala. Pamenepo anakupondani pang'ono.

MphunzitsiBangula

Ankolo, mwanena zoona theka. Mukagawa ndi 26 tsiku limakweradi, K27 kugawa kwa 26 ndi K1.04 pafupifupi. Koma mukatero simuwerenganso Masabata, mumawerenga masiku okhawo amene munthu wagwira. Ndayang'ana kalendala ya 1973, pa 10 Sepitembala linalidi Lolemba. Kuchokera pamenepo mpaka Loweruka pa 29 ndi milungu itatu ya masiku sikisi, ndiye masiku 18. Masiku 18 pa mtengo wa 26 uja zikutuluka K18.69. Ndiye njira yanuyo ikanawachepetsera 21 tambala. Cholakwika chimabwera munthu akasakaniza, kugawa ndi 30 koma nkuwerenga masiku ogwira okha. Pamenepo mpomwe wantchito amaberedwa, ndipo ambiri sazindikira chifukwa nambala zonse zimaoneka zoona.

Ankolo_a_Nchalo

Chabwino aphunzitsi, ndagonja pa 21 tambala. Koma kusakaniza mukunenako kunandichitikira ine pa kampani ina ya alonda, sinditchula. Ndinalowa pa 16, anagawa ndi 30 nkuchotsanso Masabata awiri. Nditafunsa anati kompyuta ndi imene yawerenga.

mwana_wa_ngabu

50 tambala yapepala?? Agogo musatinamize apa kkkk

GogoWaChiromo

Inalipo mwanawe. Kwacha itangobwera mu 1971 kunali pepala la 50 tambala, la K1, la K2 ndi la K10. Tisanafike apo tinali pa mapaundi ndi mashereni, ndipo paundi imodzi inasinthidwa kukhala K2, shereni kukhala 10 tambala. Akuluakulu sanasiye msanga kuwerenga mwakale. Amayi anga anamwalira akunenabe kuti "mashereni awiri" pofuna kunena 20 tambala ya njovu ija. A Kalaliki pitirizani, ine ndikudikira za kumudzi.

KalalikiWakale

Takhuta mayi. Za mashereni mwanenazo zikubwera.

Vuto langa silinali masamu, masamu ndinawamva. Vuto linali kalata ija. Kwathu mwana akalandira koyamba amapititsa ndalama yonse m'manja mwa bambo ake, osachotsapo ngakhale ya machesi. Bambo ndi amene amathyola. Tsono ine ndinalemba K27, ndikafike ndi K18.90? Bambo sankadziwa kuwerenga zilembo, ndipo nkhani ya kugawa kwa 30 ndinkaona kuti akaimva ngati bodza la mwana amene walawa mowa wa pa boma. Anali atagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze sutikesi ndi nsapato.

Pa ofesipo panali mesenjala wachikulire, wa kabudula wa khaki wowuma ndi sitachi, amene aliyense ankadziwa kuti amakongoza. Anandipeza pansi pa nimu paja, ndikuganiza kuti amadziwa kale kuti atsopano amakathera pamenepo. Ndinamuuza kuti ndikufuna K8. Anati palibe vuto, kumapeto kwa Okutobala ndimupatse K12. Sindinadziwe nkomwe kuti dzina lake ndi katapila, ndinangoona munthu wachifundo. Anatulutsa m'thumba la shati ma K1 asanu ndi atatu, ofewa ngati sanza, akuda, onunkha mlamba wouma poti mkazi wake ankagulitsa nsomba. 10 tambala ndinali nayo yanga. Ndinaika zonse mu envulopu yomwe ija. K27 yakwana.

Loweruka titaweruka ndinakwera sitima. Tengani, Bangula, kuwoloka Shire pa mlatho wa Chiromo, kukatsika pa Makhanga. Njira yonse dzanja lili pathumba.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi anayala mphasa pansi pa mtengo wa masau, malume anaitanidwa, ana atazungulira. Ndinagwada nkupereka ndi manja awiri. Bambo anapukuta manja pa kabudula, nayamba kutulutsa pepala limodzilimodzi. Iwo amawerenga m'mapaundi, K10 kwa iwo inali mapaundi asanu. Koma ndinaona kuti sakuunjika pamodzi. Mapepala atsopano aja akuika kudzanja lamanja, akale aja kumanzere. Atatha anati mbali iyi ndi mapaundi naini ndi mashereni naini. Ndiye K18.90 imeneyo, mukawerenga. Anaphatikizapo dzanja. Kenako anakankhira mulu wa kumanzere kwa ine ndi chala chimodzi, 10 tambala yanga ili pamwamba, nati, "Izi ndalandira. Izo zibwerere kwa mwini wake zisanabereke."

Sanawonjezere liwu. Malume anayamba kukamba za mitengo ya thonje ngati sanamve kanthu.

NyaTengani

Mayo ine. Ndalira ndaseka. Madala akale amenewo samakalipa, amangokuvula ndi chala chimodzi.

Makakana77

Koma anadziwa bwanji? Fungo la mlamba?

KalalikiWakale

Limenelo ndi funso limene takhala tikukangana ndi mlongo wanga zaka zonsezi. Iye anali Sitandade 5 nthawi imeneyo. Amati envulopu itaikidwa pamphasa anaona masamu a pensulo aja kumbuyo, 18.90 yodulidwa mzere, ndipo anawanong'oneza amayi, amayi nkuwatsinzinira bambo. Ine ndimati ayi, bambo anayamba kusiyanitsa mapepala envulopu ikadali m'manja mwawo. Munthu wogulitsa thonje chaka ndi chaka amadziwa kuti ndalama yochokera m'bokosi la olipira imabwera yowongoka, yonunkha utoto. Ija ina inali yoti yadutsa m'manja mwa msika wonse. Bambo sindinawafunse mpaka anamwalira. Manyazi.

MphunzitsiBangula

Ine ndili mbali ya achemwali anuwo. Mapepala akale okha sangauze munthu kuti ndi ngongole, mwina mwana wasinthitsa K10 kumsika. Koma mawu akuti "zisanabereke" akusonyeza kuti panali nambala imene anaimva.

GogoWaChiromo

Aphunzitsi simukuwadziwa alimi a thonje inu. Akasinthitsa K10 ndiye kuti K10 ija sikanapezeka mu envulopu. Inalimo. Ndiye ma K1 onyansawo achokera kuti? Bambowo sanafunike sukulu pamenepo. Ndiponso a ku Joni ankabwera ndi nkhani zomwezi za kukongozana pa mgodi, katapila sanali wachilendo m'mudzi.

Wa_Ndamera

Pepani ndalowa mochedwa. Nkhani ya penshoniyi inenso ikundivuta, bambo anga anapuma ntchito zaka zitatu zapitazo mpaka pano mafayilo akungoyenda. Alipo akudziwa kuti tiyambire ofesi iti?

NyaTengani

Achimwene, pano tikukamba malipiro oyamba, osati otsiriza. Tsegulani mutu wanu padera, anthu akuthandizani, a Kalaliki omwewa ayenera kuti njira zake amazidziwa.

mwana_wa_ngabu

Ine chandikhudza ndi sitimayo. Ndiye kuti munthu umatha kuchoka pa Nsanje masana nkukagona ku Makhanga osanyowa mapazi? Ine ndabadwa ndikupeza maboti a pa Mtayamoyo.

Ankolo_a_Nchalo

Eya mphwanga. Njanji imeneyo inkachoka ku Limbe kudzera Luchenza, Sankhulani, Makhanga, Chiromo, Bangula, Nsanje mpaka Marka kumapita ku Beira. Madzi a 1997 ndi amene anakokolola pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndiye Mtayamoyo mukunenayo. Chichokereni apo East Bank inakhala ngati dziko lina. Ukafuna kukalandira ndalama ku banki ya pa Nchalo kapena pa boma, theka lathera m'boti ndi pa kabaza.

GogoWaChiromo

Ndipo mudzi a Kalaliki akunenawo kaya ulipobe. Madzi a 2015 aja Ruo atasintha njira, kenako Freddy mu 2023, malo ambiri amene tinkawadziwa kumeneko ndi mchenga wokhawokha.

KalalikiWakale

Mtengo wa masau uja unapita mu 2015, mayi. Abale anasamukira kumtunda. Koma tibwerere, poti a Makakana andifunsa kumbali kuti ngongole ija inatha bwanji.

Pa K18.90 bambo anatengapo K4 basi, ma K2 awiri. Imodzi anapatsa amayi, inayo anasunga okha. Asanatero amayi anatenga ufa wa mapira pang'ono ndi kobidi imodzi ya 20 tambala nkupita nazo kuseli kwa nyumba kukawauza agogo amene anatsogola kuti mwana wayamba kudya thukuta lake. Kobidiyo anabwera nayo, sanaisiye kumeneko. Ndinabwerera ndi K14.90, kuphatikiza ma K1 eyiti a mwini wake ndi 10 tambala ija, imene ndinagula mtedza pa siteshoni.

Lolemba mmawa ndinamupeza mesenjala akusesa pakhonde, nkumupatsa K8 yake. Sanaigwire. Anati tinapangana K12. Ndinati ndalamayo yangogona masiku atatu. Iye anati ndalama ikatuluka m'thumba mwake yatuluka, kaya igone tsiku limodzi kaya mwezi, ndipo Lachisanu lomwelo anabweza anthu awiri chifukwa cha ine. Tinalimbana chamunong'onong'o, ine ndikuopa kuti bwana amva. Potsiriza anati poti ndine mwana, ndiwonjezere K2. Ndinapereka K10.

Ndiye werengani. K14.90 kuchotsa K2, K12.90. Telala, amayi a nsima ndi mwini nyumba, K12. Ndinalowa mwezi wa Okutobala ndi 90 tambala, malipiro a tsiku limodzi ndendende. Mwezi wonsewo ndinadyanso ngongole kwa amayi omwe aja, ndipo shati yoyera ndinkaichapa usiku ndi chidutswa cha sopo chimene amayi anandikulungira mu nsalu pamodzi ndi ufa.

Makakana77

K2 pa masiku atatu!! Mbava yeniyeni. Akanangomuuza bwana.

Ankolo_a_Nchalo

Mbava bwanji? Anawakakamiza? Pangano linali K12, munthu watsitsa mpaka K10. Akatapila a kuno ku Nchalo lero amakulanda khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, tsiku lolandira amapita okha kukatapa, iwe nkupatsidwa zotsala. Ubweze msanga usabweze, chiwongoladzanja ndi chomwecho. Mdala wa khaki ameneyo anali ndi umunthu.

NyaTengani

Umunthu wodikirira mwana pansi pa mtengo ngati ng'ona pa dooko? Iye amadziwa bwino kuti watsopano salandira mwezi wathunthu. Akanakhala ndi umunthu akanamuuza mnyamatayo tsiku loyamba, asanalembe kalata.

MphunzitsiBangula

Tikaika pa masamu, K4 pa K8 ndi theka la ndalamayo pamwezi. K2 pa masiku atatu ndi yokwera kuposa pamenepo kutalitali. Komabe m'thumba mwa a Kalaliki munatsala K2 imene ikanapita, ndiye kubweza msangako kunawathandizabe. Funso langa ndi lina. Mwati envulopu inafika kumudzi yosathyola. Nanga tikiti ya sitima munagula ndi chiyani? Ndipo pobwerera?

KalalikiWakale

Aphunzitsi mukanakhala odita inu. Yopitira inachokera pa zotsala za mbuzi zija, ndinali nditazisunga mu sokosi kuyambira tsiku lofika, ndipo 10 tambala ija ndi imene inatsala. Yobwerera amayi anamasula pa mfundo ya nsalu yawo. Ndiye mukaona bwino, pa K2 imene bambo anawapatsa ina inabwerera kwa ine ndemwe usiku womwewo. Nsalu ndinawalonjeza m'kalata ija anaivala pa Khirisimasi.

Za mesenjala uja sindingaweruze. Tinagwira limodzi zaka sikisi, ndipo tsiku lina ndikudwala malungo ndi iye amene ananditengera kuchipatala pa njinga yake osandilipiritsa. Koma chimene a NyaTengani anena ndi chimene chinandikhala. Patapita zaka ndinadzakhala ine wokonza pepala la malipiro. Wina aliyense watsopano akafika, ndisanamuonetse ngakhale mpando, ndinkamulembera pakapepala kuti mwezi uno ulandira zakuti, osati zimene zili m'kalata yako, ndipo dzina lako likaphonya pepala la mwezi uno udikira mpaka mwezi wamawa. Ena ankandiona ngati wankhanza. Mesenjala uja naye anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi.

mwana_wa_ngabu

Pa funso lanu loyamba lija agogo. Ine yanga yoyamba inalowa pa foni usiku. Pofika mmawa ngongole ya pafoni yomweyo inali itadzidula yokha, landilodi ali pakhomo. Kukaonetsa yosathyola zingatheke bwanji? Ndinangogula shuga, sopo ndi mafuta ophikira nkukwera minibasi ya ku Ngabu. Amayi anavina ndithu.

NyaTengani

Kwathu ku Tengani ukadalipo koma wasintha. Wanga woyamba anakatapa yonse ku banki, anabwera nayo, bambo ake anaigwira, anapempherera, anatengapo K10,000 nkumubwezera. Wachiwiri anakana, akuti ndi zamizimu, mpingo wake sulola. Sitinamukakamize koma bambo ake mpaka lero amazitchula.

GogoWaChiromo

Ndipo muwonjeze kuti sikuti Chigwa chonse chimachita mofanana. Kwa Asena ndalama imapita kwa bambo poti ndi amene adzakulipirire lobola. Kwa ife Amang'anja malume akanakhala pamphasa osati ngati mboni chabe, akanatambasula dzanja ndi iwowo. A Kalaliki, malume anu aja sanalandireko kanthu?

KalalikiWakale

Analandira fodya mwezi wotsatira, mayi, ndipo anadandaula kuti ndi wochepa. Ife ndife a Chisena, bambo ndi amene anali mwini mphasa.

Ndamuimbira mlongo wanga madzulo ano kumuwerengera zimene mwalembazi. Akuti ndiwauze aphunzitsi a ku Bangula kuti ali ndi nzeru, ndipo akuti envulopu ija amayi anaisunga mu chitini cha singano mpaka chiswe chinaidya. Akuumirirabe kuti anali iyeyo. A Wa_Ndamera, tsegulani mutu wa penshoni uja, mulembe chaka chimene bambo anayamba ntchito ndiponso ngati kalata yowalemba ntchito ikadalipo. Ndiyankha mawa magetsi akayaka.